Lisiti la ku Amerika lafika pa foni: muwerenge bwanji tsiku, magaloni ndi madola kuti mudziwe makwacha enieni

Kuno ku Senga Bay ndi ku Salima konse ambiri tili ndi abale kunja amene amatigulira zinthu, ena ku Joni, ena ku Amerika, ndiye akagula amangojambula lisiti nkuponya pa Watsapu, basi. Inu mwatsala ndi chithunzi chodzadza manambala ndi zilembo zodukaduka, ndalama ndi za eni, tsiku lalembedwa mwa eni, miyeso nayonso ya eni, koma kubweza mubweza makwacha anu. Pamenepa mpamene achibale amayambanira, wina akuti mwandidyera wina akuti simukuyamika, chonsecho palibe wakuba, kungoti lisiti silinawerengedwe bwino. Nditenga lisiti limodzi la ku Amerika, poti ndi limene limavuta kuposa onse, tiliyende mzere ndi mzere mpaka tipeze chomwe aliyense alipire.

Tiyerekeze kuti achimwene anu ali ku Indiana, kuja kuli Amalawi ambiri, ndipo inu ndi alamu anu munawatuma zinthu za pa boti: oyilo wa injini, chingwe, twaini wa mbedza ndi timiyala ta mtovu tomizira mbedza. Chithunzi chomwe chabwera, kupatula kumutu komwe kuli dzina la shopu ndi adiresi, chikuoneka chonchi:

```
04/09/25          3:42 PM
2-CYCLE OIL 1GAL
   2 @ 24.99        49.98
NYLON ROPE 3/8IN X 100FT
                    18.49
   COUPON           -5.00
MONO LINE 50LB 300YD
   3 @ 9.99         29.97
SINKER 8OZ
   12 @ 2.25        27.00
SUBTOTAL           120.44
TAX 7.00%            8.43
TOTAL              128.87
CASH               140.00
CHANGE              11.13
```

Yambani ndi chithunzicho, kakyuleta idikire kaye

Musanawerengere kalikonse onani ngati lisiti laoneka lonse, kuyambira kumutu komwe kuli dzina la shopu ndi adiresi mpaka kumunsi kwenikweni. Anthu ambiri amajambula pakati pokha pomwe pali mitengo, koma kumutu nkumene kumakuuzani dziko, ndipo dziko ndi limene limakuuzani ndalama yake komanso mmene tsiku lalembedwera. Ngati kumutu kwadulidwa apempheni ajambulenso, palibe chamanyazi. Auzeni aliyale pa tebulo, alitambasule bwino, ajambule kuchokera pamwamba masana opanda fulashi chifukwa pepala la lisiti limanyezimira. Likakhala lalitali ajambule kawiri, koma mzere umodzi kapena iwiri ioneke pa zithunzi zonse kuti mudziwe polumikiza. Potumiza asankhe `Document` kapena adine `HD`, apo ayi Watsapu imachepetsa chithunzi ndipo mukachikulitsa manambala amangosungunuka, 3 kuoneka ngati 8, 1 ngati 7, kadontho kapakati kusoweratu.

Komanso awuzeni ajambule tsiku lomwelo. Mapepala a mashini awa salembedwa ndi inki, amalembedwa ndi kutentha, nde akakhala mthumba kapena mgalimoto padzuwa amafufuma msanga.

Nambala ina ikafufuma musalote. Lisiti limadzitsimikizira lokha. Pa mzere wa twaini pali `3 @ 9.99`, kutanthauza zitatu, chilichonse pa 9.99, ndiye 3 kuchulukitsa ndi 9.99 ikupereka 29.97. Ngati inu pachithunzi mumaona ngati 29.91, mwadziwa kuti ija ndi 7. Kenako phatikizani mizere yonse: 49.98 ndi 18.49 ndi 29.97 ndi 27.00 zikukwana 125.44, muchotsepo 5.00 ija ili ndi kamzere kutsogolo, yatsala 120.44, ndendende ndi `SUBTOTAL`. Zikagwirizana chonchi ndiye kuti mwawerenga bwino manambala onse ndipo palibe mzere womwe wabisika popinda pepala. Zikapanda kugwirizana imani pomwepo, musapitirire, chifukwa cholakwika cha dola imodzi pano chikasanduka makwacha chikhala chokulirapo.

Ndalama yake ndi iti

Pa lisiti lathuli palibe chizindikiro cha ndalama olo pamodzi, ndipo malisiti ambiri amakhala choncho chifukwa shopu imadziwa kuti wogula ali mdziko momwemo. Adiresi ikuti Indiana, ndiye ndi dola ya Amerika. Koma olo muone `$` musathamange, Canada ndi Australia nawonso amalemba `$` yomweyo pomwe madola awo ndi otsika mphamvu kuyerekeza ndi ya Amerika. Lisiti la ku Chipata limalemba `K` ngati ife, koma ndi kwacha ya Zambia, mukaiwerenga ngati yathu muona ngati katundu anali waulere. Ku Joni ndi `R`, ku Tanzania `TSh` kapena `TZS`, kutsidya kwa nyanja ku Mozambiki ndi `MT`.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamagwetsa anthu: dontho ndi koma. Ku Amerika amalemba ngati ife, 1,250.00, kachizindikiro ka koma pambuyo pa masauzande, dontho kutsogolo kwa masenti. Ku Mozambiki amatembenuza, 1.250,00, ndipo ku Joni mupeza ena alemba 1 250,00. Njira yosavuta nayi: yang'anani kumapeto kwa nambala. Ngati pambuyo pa chizindikiro chomaliza pali manambala awiri okha, amenewo ndi masenti, kaya chizindikirocho ndi dontho kaya ndi koma. Akakhala atatu ndi masauzande.

Tsiku: apa khalani pansi

Pamwamba palembedwa `04/09/25`. Mmalawi aliyense awerenga kuti 4 Seputembala 2025, chifukwa ife timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka. Ku Amerika amayamba ndi mwezi. Ndiye ili ndi 9 Epulo 2025, kusiyana kwake pafupifupi miyezi isanu.

Mudziwa bwanji kuti lisiti lalembedwa mwa njira iti? Nambala imodzi mwa ziwiri zoyambazo ikapitirira 12 nkhani yatha, chifukwa kulibe mwezi wa 13. `04/23/25` ndi 23 Epulo basi, palibe kuchitira mwina. Vuto limakhala pomwe manambala onse awiri sanapitirire 12, ngati lathuli. Pamenepo gwiritsani zinthu zitatu. Choyamba dziko lomwe mwaliona kumutu kuja. Chachiwiri tsiku lomwe chithunzi chinafika pa foni panu, chifukwa munthu sangajambule lisiti la zinthu zomwe sanagule: ngati uthenga unafika mu Epulo kapena Meyi, Seputembala uja wagwa yekha. Chachitatu yang'anani kumunsi, mashopu ambiri amalemba tsiku lomaliza kubweza katundu, ndipo tsiku limenelo nthawi zina limakhala ndi nambala yopitirira 12 yomwe ikuululireni kuti mwezi uli mbali iti. Malisiti ena amaikanso tsiku la sabata, `WED` kapena `THU`, nde mungotsegula kalendala ya pa foni: 9 Epulo 2025 linali Lachitatu, 4 Seputembala 2025 linali Lachinayi.

Mukaona nambala ya manambala anayi koyambirira, ngati `2025/04/09`, zomwe zimapezeka kwambiri pa malisiti a ku Joni, chimenecho ndi chaka, kenako mwezi, tsiku kumapeto. Imeneyi sivuta.

Mwina mukuti tsiku lili ndi ntchito yanji poti ndalama ndi yomweyo. Ntchito ilipo, chifukwa kwacha yathu sikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023, pa 9, kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Tsono tengani lisiti lolembedwa `10/12/23`. Mwachimerika ndi 12 Okutobala, kwacha isanagwe, katundu wa madola 100 anali cha m'ma K118,000. Mwachimalawi ndi 10 Disembala, itagwa kale, katundu yemweyo K170,000. Manambala omwewo, kusiyana K52,000 pa madola 100 okha. Nchifukwa chake ine ndimati mukapeza tsiku lenileni, lilembeni ndi dzina la mwezi, 9 Epulo 2025, musalembenso ndi timizere tija, kuti wina aliyense wowerenga pambuyo panu asasokonezeke.

Nthawi ija `3:42 PM` ndi ya kumeneko. Mu Epulo ife timakhala patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi mbali yaikulu ya Indiana, ndiye kuno inali 9:42 usiku. Izi zimangofunika ngati mukufananitsa lisiti ndi uthenga wa ku banki, chifukwa chogulidwa madzulo kumeneko chimatha kuoneka pa tsiku lotsatira kuno.

Nambala yoti musinthe ndi iti

Kumunsi kwa lisiti kuli manambala asanu ndipo imodzi yokha ndi yomwe inatuluka mthumba mwa achimwene. `SUBTOTAL` 120.44 ndi mtengo wa katundu msonkho usanalowe. `TAX` 8.43 ndi msonkho. Ku Amerika mtengo womwe uli pa shelefu ulibe msonkho, amauwonjezera pa kauntala, ndipo umasiyana dera ndi dera, ku Indiana ndi 7 peresenti. Izi nzosiyana ndi kwathu kapena ku Joni komwe `VAT` imakhala kale mkati mwa mtengo, moti pa lisiti la ku Joni mukaona mzere wa `VAT` 15 peresenti musauwonjezerenso, angokuonetsani gawo lomwe lili kale mkatimo. `TOTAL` 128.87 ndiye yomwe tikufuna. `CASH` 140.00 ndi ndalama yomwe anapereka kwa wogulitsa, ndipo `CHANGE` 11.13 ndi chenji chomwe anabwezeredwa. Diso limakonda kugwera pa 140.00 poti ndi yaikulu komanso yozungulira bwino, koma mukalipira imeneyo mwawapatsa achimwene chenji kawiri.

Leti: funso lovuta si masamu

Masamu ake ndi a ku pulayimale, kuchulukitsa basi. Chovuta nkugwirizana kuti dola imodzi tiiwerengera makwacha angati, ndipo apa ndikupemphani muganize kaye mmene ndalama inayendera.

Ngati munatumiza ndalama inu kudzera ku banki kapena kwa otumiza ndalama, leti yanu ili kale pa kapepala kapena uthenga womwe munalandira. Tengani makwacha onse omwe anachoka kwa inu, kuphatikizapo ndalama yotumizira, mugawe ndi madola omwe anafika kumeneko. Imeneyo ndiye leti yeniyeni ya katundu wanu, osati ya pa intaneti.

Ngati mukungofuna kulemba mu buku la bizinesi kapena kupereka ku ofesi kuti akubwezereni, gwiritsani leti ya ku banki ya tsiku la pa lisiti. A Reserve Bank of Malawi amatulutsa maleti a tsiku ndi tsiku, mabanki nawonso amaika pa bolodi. Mupeza mizati ya `Buying` ndi `Selling`, kwina ndi `Middle` pakati. `Buying` ndi mtengo womwe banki ikugulira dola kwa inu, `Selling` ndi womwe ikukugulitsirani. Poti inu muli mbali yofuna madola kuti mulipire katundu, wanu ndi `Selling`. Mapulogalamu a pa foni osinthira ndalama nthawi zambiri amaonetsa ya pakati ija komanso ya lero, osati ya tsiku lomwe katundu anagulidwa, nde ndi abwino pongoyerekeza.

Koma zomwe zimachitika kwambiri kuno ndi zachitatu: achimwene agula ndi ndalama zawo, nkunena kuti makwachawo mukawapatse amayi kumudzi kapena mulipirire mwana fizi. Apa mpamene pamabuka mkangano, chifukwa tonse tikudziwa kuti mtengo wa dola wa ku banki ndi womwe umamveka mumsewu ndi zinthu ziwiri zotalikirana. Kusintha ndalama mumsewu nkosaloledwa ndipo sindikukutumani kumeneko, koma achimwene anu mitengo imeneyo amaimva, ndipo mumtima akhoza kumawerengera ina inu mukuwerengera ina. Mankhwala ake ndi amodzi, funsani asanagule. Mawu ochepa chabe: "Achimwene, dola tiiwerengera zingati? Ndipo titenga ya tsiku logula kapena ya tsiku lomwe ndikupereka ndalama?" Akayankha pa Watsapu uthengawo usungeni. Ena amaona ngati kufunsa chonchi nkusakhulupirira mbale, ine ndimaona kuti nkumene kumasunga chibale.

Pa chitsanzo chathu titenga K1,750 pa dola, yomwe ili pafupi ndi mmene mabanki ankagulitsira mu Epulo 2025. Inu muike yanu yomwe mwagwirizana.

```
128.87 × 1750 = 225522.5
```

Ndiye katundu yense ndi K225,522.50, tinene kuti K225,500. Mukanatenga 140.00 ija mukanapeza K245,000, kuluza pafupifupi K19,500. Mukanatenga 120.44 mukanapeza K210,770, achimwene nkuluza pafupifupi K14,750 ya msonkho.

Musanakhulupirire kakyuleta yesani ndi mutu. Madola 100 ndi K175,000, madola 150 ndi K262,500, ndiye madola 129 ayenera kugwera pakati pamenepo. Chala chikaphonya dontho nkulemba 12887, foni ikupatsani K22 miliyoni ndi kanthu osaphethira nkomwe, ndipo kuyesa kwa mutu kuja nkumene kungakuuzeni kuti twaini sangafike pamenepo. Komanso polemba 1750 musaike koma pakati, mafoni ena amamutenga ngati dontho.

Miyeso: galoni yawo si ya 5 lita

Tsopano tione kuti mwagula zochuluka bwanji, ndipo ndiyamba ndi oyilo chifukwa ndi yemwe angakuphereni injini.

`1GAL` ndi galoni imodzi. Kuno munthu akati galoni ambiri timaganiza kachigubu ka malita 5. Galoni ya ku Amerika ndi malita 3.785, sinafike olo 4. Ilipo ina ya ku Mangalande ya malita 4.546, koma lisiti likakhala la ku Amerika ndi yaing'onoyo. Ndiye zigubu ziwiri zija ndi malita 7.57, osati 10. Ngati injini yanu imasakaniza 50 kwa 1, ndiye kuti mamililita 20 a oyilo pa lita iliyonse ya petulo, thanki ya malita 25 imadya theka la lita. Malita 7.57 akukwanirani mathanki 15, pomwe mukanawerengera malita 10 mukanayembekezera mathanki 20, nkumadabwa kuti anyamata akuba oyilo.

Choopsa chenicheni chili pa chigubu pomwepo. Kumbuyo amalemba kasakanizidwe mwa miyeso yawo, mwachitsanzo `2.6 FL OZ` pa galoni imodzi ya petulo. `FL OZ` imodzi ndi pafupifupi mamililita 30, kunena mwandendende 29.6, ndiye 2.6 ndi mamililita 77. Amenewo ndi a malita 3.785. Wina akathira mamililita 77 omwewo mu malita 5 poganiza kuti ndiye galoni, oyilo wachepa, zafika cha m'ma 65 kwa 1, injini iziyenda mouma nkumatentha muli pakati pa nyanja. Chabwino nkusiya za magalonizo, muone kasakanizidwe komwe buku la injini yanu likunena, muwerengere pa lita: 50 kwa 1 ndi mamililita 20, 25 kwa 1 ndi mamililita 40. Mukaona botolo lolembedwa `QT`, limenelo ndi gawo limodzi mwa anayi a galoni, mamililita 946, kuchepera pang'ono lita.

Chingwe chalembedwa `3/8IN X 100FT`. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwake mu mainchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, nde 3 kugawa ndi 8 kuchulukitsa ndi 25.4 ikupereka 9.5, chingwe chomwe kuno mungachitche cha 10 mili. Yachiwiri ndi kutalika mu mafiti. Fiti imodzi ndi masentimita 30.48, ndiye 100 ndi mamita 30 ndi theka. Ambiri akaona 100 amamva mamita 100, chingwe chikafika nkumati achimwene adulako. Kwa akuluakulu omwe amayeza ndi manja, mkwamba umodzi ndi pafupifupi mafiti 6, nde chingwechi ndi mikwamba 16 ndi kachidutswa.

Twaini ali ndi manambala awiri ndipo onse amanyenga. `300YD` ndi mayadi, omwe atelala amawadziwa bwino, yadi imodzi ndi mamita 0.914. Mpukutu umodzi ndi mamita 274, itatu pamodzi 823, osati 900. `50LB` ndi mapaundi a kulemera, paundi imodzi ndi magalamu 454, musaisokoneze ndi paundi ya ndalama yomwe imalembedwa `£`. Koma pano sakunena kuti mpukutu ukulemera mapaundi 50 ayi, akunena mphamvu ya twaini, kuti amaduka akakokedwa ndi katundu wa pafupifupi makilo 22.7. Ndiye nambala imeneyi ikuthandizani kuganiza ngati agwira kampango kapena bombe wamkulu, koma musaiike pa masamu a kulemera kwa katundu potumiza, mungadzidzimuke ndi makilo 68 omwe kulibe.

Timiyala ta mtovu ndi `8OZ` kamodzi. `OZ` yopanda `FL` kutsogolo ndi kulemera, magalamu 28.35, ndiye kamodzi ndi magalamu 227, tonse 12 ndi makilo 2.7. Kusiyana kwa `OZ` ndi `FL OZ` kugwireni bwino: ikakhala ndi `FL` ndi zamadzimadzi, mupita ku mamililita, ikakhala yokha mupita ku magalamu.

Ngati mulibe kakyuleta pafupi, njira za mmutu ndi izi: mapaundi gawani pakati nkuchotsako pang'ono, 50 ipereka 25, kuchotsa chakhumi chake yatsala 22.5. Mayadi chotsani chakhumi, 300 ikhala cha m'ma 270. Mafiti chulukitsani ndi 3 nkugawa ndi 10. Zimenezi nzokwanira pocheza, koma poika mtengo wogulitsira gwiritsani manambala enieni aja.

Kugawana bilu ndi alamu

Tinene kuti oyilo ndi chingwe ndi zanu, twaini ndi timiyala ndi za alamu. Musagawe `TOTAL` pakati, ndipo musaiwale kuti msonkho uja uyenera kutsata katundu wa aliyense. Kuchotsera kwa 5.00 kwalembedwa pansi pa chingwe, ndiye nkwa chingwe, kukugwera inu. Zanu ndi 49.98 kuphatikiza 18.49 kuchotsa 5.00, zomwe ndi 63.47. Za alamu ndi 29.97 kuphatikiza 27.00, zomwe ndi 56.97. Kuti msonkho wa 7 peresenti ulowe, chulukitsani chilichonse ndi 1.07, kenako ndi leti.

```
63.47 × 1.07 = 67.91    67.91 × 1750 = 118842.5
56.97 × 1.07 = 60.96    60.96 × 1750 = 106680
```

Phatikizani 67.91 ndi 60.96, mupeza 128.87, chimodzimodzi ndi lisiti, ndiye mwagawa bwino. Inu K118,842.50, alamu K106,680. Chenjezo limodzi, pa malisiti ena si katundu yense amene amakhomeredwa msonkho, makamaka zakudya, ndipo mashopu ena amaika kachilembo ngati `T` kumapeto kwa mzere womwe uli ndi msonkho. Muyese chonchi: `SUBTOTAL` kuchulukitsa ndi peresenti ija. Pa lathuli 120.44 kuchulukitsa ndi 0.07 ikupereka 8.43, ndiye zonse zinakhomeredwa. Ikatuluka yoposa yomwe ili pa lisiti, pali katundu wina yemwe sanakhomeredwe, mumfufuze kuti mwini wake asalipire msonkho wa mnzake.

Apa mutha kuonanso ngati kutuma kunja kunali kwanzeru. Chigubu chimodzi cha oyilo ndi msonkho wake ndi madola 26.74, omwe ndi K46,795, kugawa ndi malita 3.785 ikubwera pafupifupi K12,400 pa lita. Imeneyo ndiye nambala yoti mupite nayo ku mashopu a pa Kamuzu Road mukafananitse ndi botolo la lita imodzi. Mukanagawa ndi 5 mukanapeza K9,360 nkumadzinamiza kuti mwatchipitsa. Ndipo kumbukirani kuti K12,400 imeneyi ndi ya pa kauntala ku Indiana, katundu asanakwere chilichonse. Ndalama ya kontena, msonkho wa a MRA polowa mdziko ndi thiransipoti yochoka ku Lilongwe kufika kuno sizili pa lisiti, zimenezo muzilembe padera nkugawana molingana ndi kulemera kapena kukula kwa katundu wa aliyense, chifukwa zigubu za oyilo sizingalipire chimodzimodzi ndi mipukutu ya twaini.

Lembani zomwe mwapeza mwa njira yoti aliyense amve

Gawo lomaliza nkutembenuza zonsezi kukhala uthenga womwe alamu, amayi kapena msungichuma wa gulu angawerenge osafunsanso. Tumizani pamodzi ndi chithunzi cha lisiti, ndipo nambala ya madola muisiye ioneke pambali pa makwacha kuti wofuna kutsimikiza athe kutero. Uthenga wake ungakhale wotere:

Katundu anagulidwa pa 9 Epulo 2025, Lachitatu, ku Indiana, ndi madola a Amerika. Zonse pamodzi ndi msonkho madola 128.87. Tawerengera dola imodzi pa K1,750 monga tinagwirizanirana ndi achimwene, ndiye zonse ndi K225,522.50. Oyilo zigubu 2, chilichonse malita 3.785, pamodzi malita 7.57. Chingwe cha 10 mili, mamita 30 ndi theka. Ziwirizi ndi zanga, madola 67.91, K118,842.50. Twaini mipukutu 3, uliwonse mamita 274, mphamvu yake makilo 22.7. Timiyala ta mtovu 12, kalikonse magalamu 227. Izi ndi zanu alamu, madola 60.96, K106,680. Za kontena, msonkho wolowera ndi thiransipoti sizinalowe, tidzawerengera katundu akafika.

Mzere wa leti uja musamausiye olo mutafupikitsa zina zonse. Ngati alamu achedwa kupereka gawo lawo ndipo kwacha yasuntha pakatipo, madola 60.96 aja amakhalabe omwewo, ndiye mungobwerera ku zomwe munagwirizana ndi achimwene, ngati munati ya tsiku logula ikhala K106,680 yomweyo, ngati munati ya tsiku lolipira muchulukitsa 60.96 ndi leti yatsopano.